Mwana akamasamba m'manja osaleka: mafunso ndi mayankho pa matenda a OCD mwa ana

Makolo ambiri amayamba kudabwa akaona sopo akutha msanga, kapena mwana akuchedwa kusukulu tsiku ndi tsiku chifukwa akubwerera kukaona ngati chitseko chatsekedwa. Ena amatopa ndi funso limodzi lofunsidwa kambirimbiri. Mayankho ali m'munsiwa ndi a makolo, agogo, azakhali ndi aliyense amene akulera mwana wotere, ndipo gawo lalikulu likufotokoza chithandizo chotchedwa ERP, chophunzitsa mwana kukumana pang'onopang'ono ndi chimene amaopa, chomwe banja limatengapo mbali yaikulu.

Kodi OCD ndi matenda otani?

Ndi matenda a maganizo okhala ndi mbali ziwiri zogwirana. Mbali yoyamba ndi ganizo lokakamira. Limabwera lokha m'mutu mwa mwana, iye asakulifuna, ndipo limamuopsa kapena kumunyansa: "M'manja mwanga muli tizilombo, ndidwalitsa mwana wakhanda," kapena "Ndikapanda kutseka bwino, akuba alowa ndipo wolakwa ndikhala ine." Mbali yachiwiri ndi chochita chobwereza, chimene mwana amachita kuti mtima ukhale m'malo. Akhoza kusamba m'manja, kubwerera kukagwira loko, kuwerenga manambala chamumtima, kufufuta ndi kulembanso chilembo mpaka pepala la kope kubooka, kapena kufunsa amayi ake kuti amutsimikizire kuti palibe choipa chichitike.

Si ana onse amene amatchula chimene akuopa. Ena amangoti "sizinakhale bwino," ndipo amavula nsapato n'kuvalanso mpaka thupi litavomera.

Pa ana 100 aliwonse, mmodzi kapena awiri amakhala ndi matendawa, choncho pasukulu ya pulayimale ya ana 1,000 salephera kupezeka. Kawirikawiri amayamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 8 ndi 12, kapena chakumapeto kwa zaka zaunyamata.

Ana onse amakhala ndi tizizolowezi tawo. Tidziwa bwanji kuti izi ndi matenda?

Mwana wa zaka 4 amene amafuna nthano yomweyomweyo usiku uliwonse, kapena amakana kumwera kapu ina, sakudwala. Zimenezo zimamusangalatsa ndipo zimatha zokha. Mwana wa OCD sasangalala ndi zomwe akuchitazo. Mukamuyang'ana pankhope akusamba m'manja kachisanu, muona munthu wotopa, nthawi zina akulira, koma wosatha kuleka. Mukamudukiza amakwiya kapena kunjenjemera, n'kuyambiranso poyamba.

Achipatala amayang'ananso nthawi ndi kuwonongeka kwa moyo wa mwana. Zikamadya ola lathunthu kapena kuposa patsiku, kapena zikamamulepheretsa kuphunzira, kudya ndi anzake, kusewera ndi kugona, ndiye kuti zafika poti ndi matenda. Onaninso thupi: manja osweka ndi otumbuluka, nsonga za zala zotuluka magazi. Dziwaninso kuti ana ambiri amabisa. Kusukulu amadzigwira tsiku lonse, zonse n'kudzaphulikira kunyumba, moti aphunzitsi akhoza kukuuzani moona mtima kuti saona vuto lililonse.

Kodi ndi ziwanda, ufiti, kapena ife tinalera molakwika?

Funsoli limabwera makamaka mwana akaulula maganizo oopsa: kuti m'mutu mwake mumabwera mawu otukwana Mulungu ali m'tchalitchi kapena mumzikiti, kapena amaona chithunzi choti wabaya amayi ake ndi mpeni. Kholo lililonse lingadzidzimuke kumva zotere. Koma maganizo amenewa ndi chizindikiro chodziwika bwino cha OCD, ndipo amapezeka mwa ana a mitundu yonse ndi zipembedzo zonse. Pafupifupi munthu aliyense amadutsidwa ndi ganizo lonyansa nthawi ina, n'kuliiwala. Mwana wa OCD saliiwala. Amalitenga ngati umboni woti iye ndi woipa. Matendawa amagwira pamene mwana amakonda kwambiri. Woopa Mulungu amavutika ndi mawu amwano, wokonda amayi ake amavutika ndi chithunzi cha mpeni, ndipo n'chifukwa chake amathawa kukhitchini m'malo moufunafuna mpeniwo.

Chimene chimadziwika n'chakuti matendawa amayenda m'magazi: m'banja lomwe wina ali nawo, mwayi woti mwana akhale nawo umakula. Mbali za ubongo zimene zimachenjeza munthu kuti "pali cholakwika" zimagwira ntchito mopyola muyeso ndipo sizizima msanga. Zovuta monga maliro, kusamuka, mayeso kapena mliri zikhoza kudzutsa matendawa mwa mwana amene anali nawo kale m'magazi. Kalelidwe sikayambitsa OCD.

Kupempherera mwana n'kwabwino ngati banja limapemphera. Chomwe ndikuchonderera n'chakuti musamuimike pagulu kuti aulule maganizo ake, ndipo musamuuze kuti ali ndi chiwanda. Mwanayo amaopa kale kuti ndi woipa. Akamva akuluakulu akuvomereza zimenezo, amatseka pakamwa, ndipo zikhoza kutenga zaka kuti adzanenenso.

Timamuuza kuti m'manja mwayera, iyenso amavomera. Nanga bwanji saleka?

Chifukwa vuto silili pa kusadziwa. Ganizo likabwera, mantha amakwera. Mwana akasamba, mantha amatsika nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira zinthu ziwiri zabodza: kuti ngoziyo inali yeniyeni, ndiponso kuti chamupulumutsa ndi kusambako. Ganizo likabweranso, chilakolako chosamba chimakhala chachikulu kuposa poyamba. Zili ngati kukanda mphere: pokanda pamakoma, koma kuyabwa kumabwerera ndi mphamvu ndipo khungu likunka lisupuka.

Choipa kwambiri n'chakuti mwana sapeza mpata woona chimene chikanachitika akanapanda kusamba. Akanaona kuti mantha amatsika okha, ndiponso kuti wakhandayo sanadwale. Chithandizo chonse cha ERP chagona pa kumupatsa mpata umenewo.

Akuti banja limatha kudyetsera matendawa. Zimatheka bwanji, pamene ife timangomuthandiza?

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 10, wa Sitandade 5, amene amaopa kudwalitsa mng'ono wake wakhanda. Tikhala naye m'mayankho otsatirawa. Amayi ake amamutsegulira zitseko kuti asagwire chogwirira. Anamugulira sopo wakewake ndi mbale yakeyake. Mlongo wake amatunga ndowa yowonjezera kumjigo chifukwa madzi sakwanira. Samutumanso kugolosale poti safuna kugwira chenji. Ndipo madzulo aliwonse amafunsa kuti, "Amayi, m'manja mwanga mwayera?" amayi n'kuyankha, "Mwayera, mwanangu, kagone." Pakapita mphindi zisanu wabweranso.

Zonsezi zimachokera m'chikondi, ndipo pafupifupi banja lililonse la mwana wa OCD limazichita. Palibe chifukwa chodziimbira mlandu. Koma yankho la amayi lija likugwira ntchito yofanana ndendende ndi sopo: likutsitsa mantha kwa kanthawi, n'kuuza ubongo kuti funsolo linali loyenera kufunsa. Akatswiri anapeza kuti banja likamagonjera kwambiri zofuna za matendawa, matenda amakula ndipo chithandizo chimavuta kugwira. Uthenga wabwino ndi wakuti mbali imeneyi ili m'manja mwanu.

Tsono ERP ndi chiyani?

Ndi chithandizo cha kuyeserera, chokhala ndi mbali ziwiri zomwe siziyenda payokhapayokha. Mwana amakumana mwadala ndi chimene amaopa, pang'onopang'ono, kuyambira pa zosavuta. Kenako amadziletsa kuchita chobwereza chija, n'kulola mantha akhalepo mpaka atafooka okha. Kugwira ndalama kenako n'kuthamangira sopo si chithandizo. Chithandizo ndi kugwira ndalama, osasamba.

Njirayi inayamba ndi katswiri wa zamaganizo Victor Meyer ku London m'chaka cha 1966, ndipo yayesedwa kwambiri pa ana. Kafukufuku wina wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anatsatira ana 112 a zaka 7 mpaka 17 kwa milungu 12. Tikawerengera pa 100, ana pafupifupi 54 olandira chithandizochi pamodzi ndi mankhwala anafika poti matenda atsala pang'ono kutheratu. Olandira chithandizochi chokha anali 39, omwa mankhwala okha 21, ndipo omwa mapiritsi opanda mankhwala 4 basi. Manambalawa akuonetsa kuti chithandizochi chili ndi mphamvu, komanso kuti si mwana aliyense amene amachira pa milungu 12. Ambiri mwa otsalawo amapezako bwino ngakhale sanachiriretu.

Nthawi zambiri mwana amakumana ndi mlangizi kamodzi pamlungu, kwa ola limodzi, kwa miyezi itatu kapena inayi. Koma ntchito yeniyeni imachitikira kunyumba, tsiku lililonse.

Tifotokozereni ndondomeko yake, kuyambira poyamba.

Choyamba ndi kusiyanitsa mwana ndi matenda. Mwana apatse matendawa dzina lomwe wasankha yekha. Mtsikana wathu uja tinene kuti wasankha "Chibodza." Kuyambira pamenepo m'nyumba simunenanso kuti "wayambanso zako zija," koma "Chibodza chabweranso, chikuti chiyani lero?" Zimaoneka zachibwana, koma zimasintha nkhondo. Poyamba inali ya makolo ndi mwana. Tsopano ndi ya banja lonse kulimbana ndi Chibodza.

Chachiwiri ndi kuonetsetsa kwa mlungu umodzi musanasinthe kanthu. Tengani kope, mulembe nthawi zimene akusamba, chimene chinayambitsa, ndi zimene inu mumamuchitira. Makolo ambiri amadabwa akaona kutalika kwa mndandanda wa mbali yawo.

Chachitatu ndi sikelo ya mantha, yoyambira pa 0 mpaka 10. Pa 0 mtima uli phee, pa 10 ndi mantha aakulu amene mwana anawamvapo. Kwa mwana wamng'ono jambulani nkhope zisanu, kuyambira yosekerera mpaka yolira, azilozapo. Nambala ndi ya mwana, musamutsutse kuti "izi sizingakhale 7."

Chachinayi ndi makwerero. Mwana ndi mlangizi, inu muli pomwepo, amalemba zinthu zimene mwana amapewa n'kuziika motsatana malinga ndi nambala yake. A mtsikana uja akhoza kuoneka chonchi:

- kugwira chogwirira cha chitseko cha kuchipinda, osasamba: 2
- kugwira chenji chochokera kugolosale, osasamba: 4
- kumanga zingwe za nsapato zakusukulu kenako n'kugwira makope: 5
- kupatsana moni wa pamanja ndi mnzake: 6
- kusamba kamodzi kokha, osabwereza, akachoka kuchimbudzi: 8
- kunyamula mng'ono wake atangogwira chenji: 10

Chachisanu ndi kukwera. Mumayamba pa 2 kapena 3, pamene mwana akhoza kupambana. Sankhani nthawi yodekha, monga akaweruka kusukulu ndipo wadya, osati m'mawa pothamangira belu. Patulani mphindi 30. Sitepe imodzi amaibwereza tsiku ndi tsiku, m'malo osiyanasiyana, mpaka itayamba kumutopetsa m'malo momuopsa. Nambala yake ikatsika kufika pa 1 kapena 2 kwa masiku angapo, amakwera ina. Sitepe ikakula kwambiri, iduleni pakati. Ngati kusasamba konse n'kovuta, ayambe ndi kudikira mphindi 5 asanasambe, mawa 10, mkuja 20.

Nthawi yomweyo inunso mumakwera makwerero anu, kusiya chimodzichimodzi zimene munkachitira Chibodza. Mumamuuziratu mwana tsiku lodekha: "Kuyambira Lolemba, funso la m'manja lija ndiziyankha kamodzi kokha madzulo. Sikuti ndakwiya nawe. Ndazindikira kuti mayankho anga akunenepetsa Chibodza."

Pa nthawi yoyesererayo kholo limachita chiyani kwenikweni?

Tiyeni tione tsiku limene mtsikana uja afika pa chenji. Akhala pakhonde ndi amayi ake, ndalama yapepala yakuda ndi manja a anthu ili pamphasa.

"Usanagwire, uli pa nambala yanji?"

"Pa 4, amayi."

Amayi ayamba ndi iwo kuigwira, kuipinda, kudzipukuta nayo m'manja monse. Mwana aitola ndi nsonga za zala ziwiri. Amayi amulimbikitsa kuti aifumbate ndi dzanja lonse, kenako agwire diresi lake ndi tsitsi, kuti pasakhale mbali ya thupi imene akuisunga ngati yoyera. Nambala ikwera kufika pa 7. Izi n'zoyembekezeka, mantha amayamba akwera asanatsike. Mwana atambasula manja kutali ndi thupi, maso ali ku ndowa.

"Amayi, sindidwalitsa mwana?"

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mtima wa mayi ukufuna kunena kuti "ayi, sungamudwalitse." Koma amayi ayankha kuti, "Limenelo ndi funso la Chibodza, ndipo tinagwirizana kuti sitichiyankha. Ndikuona kuti zikukuvuta kwambiri. Ndikudziwanso kuti ungathe kupirira. Ndili pompano." Yankho labwino limakhala ndi zinthu ziwirizo: kuvomereza kuti zikupweteka, ndi kukhulupirira kuti mwana akwanitsa.

Amayi afunsa nambala pakatha mphindi zisanu zilizonse n'kulemba m'kope. Yafika pa 7, kenako 6, kenako 4. Pakutha pa mphindi 25 ili pa 3. Samusokoneza ndi foni kapena masewera kuti aiwale, chifukwa cholinga n'choti ubongo uone bwinobwino kuti ndalama yagwiridwa, sopo sanakhudzidwe, ndipo mwana wapirira. Akamaliza amapitiriza tsiku lake ndi manja omwewo, kudzasamba nthawi ya chakudya chamadzulo ngati wina aliyense.

Masiku ena nambala sitsika kwenikweni. Musatenge tsikulo ngati lolephera. Mwana waphunzira kuti akhoza kukhala ndi mantha osamvera Chibodza, ndipo phunziro limenelo ndi lolimba kuposa kutsika kwa nambala. N'chifukwa chake mumayamikira kulimba mtima, osati kusaopa. Kamphatso kakang'ono kamathandiza: nyenyezi m'kope, kusankha ndiwo za Lamlungu, kupita ndi bambo ake kukaonera mpira.

Kuno kwathu kolera ndi yeniyeni. Kuphunzitsa mwana kusasamba m'manja si kumuika pangozi?

Funsoli ndi lomveka, makamaka kwa amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 ku Malawi. ERP sichotsa ukhondo. Imabwezera mwana pa muyeso wa anthu onse. Banja ligwirizane lamulo limodzi lolembedwa, logwira aliyense m'nyumbamo: kusamba ndi sopo akachoka kuchimbudzi, asanadye, asanakonze chakudya, akasintha mwana thewera, ndiponso m'manja mukada mooneka ndi maso. Kusamba kwake ndi kamodzi, kwa masekondi pafupifupi 20. Chilichonse choposa apo ndi cha Chibodza.

Poika sitepe pamakwerero dzifunseni ngati munthu wamba wosamala amachita zimenezo tsiku ndi tsiku osaganizako. Kugwira ndalama, kukwera minibasi, kupereka moni, zonsezo inde. Kumwa madzi osatetezedwa kapena kudya osasamba atachoka kuchimbudzi, ayi, ndipo mlangizi wodziwa ntchito sangapemphe zotero. Kudera kukagwa mliri, tsatirani malangizo a azaumoyo monga banja lonse, koma mwana asawonjezerepo ake. Ndipotu manja osweka ndi sopo satetezeka bwino kuposa manja a khungu lathunthu.

Mwana wathu sasamba kapena kutseka zitseko. Vuto lake ndi maganizo oipa okha. ERP ingagwire?

Imagwira. Zobwereza zilipo, kungoti zili m'mutu kapena pakamwa. Mwana amabwereza pemphero mpaka litatuluka lopanda cholakwika, amafufuta ganizo loipa ndi ganizo labwino, amaulula kwa amayi tizinthu tating'onoting'ono, amapepesa kosaleka. Zimenezi ndi zomwe amaphunzira kusiya.

Mnyamata woopa kuti abaya munthu akhoza kuyamba ndi kulemba mawu oti "mpeni" papepala, kenako kukhala m'khitchini mpeni uli patebulo, kenako kusenda mbatata pafupi ndi amayi ake, popanda kufunsa ngati iye ndi munthu wabwino. Izi zichitike mlangizi atatsimikiza kaye kuti ndi OCD. Kwa mwana wobwereza mapemphero, cholinga si kumuletsa kupemphera kapena kumuchititsa tchimo. Apemphere kamodzi monga mpingo wake umachitira, ngakhale ganizo loipa litadutsa pakati, ndipo asayambirenso. Abusa kapena ashehe omvetsa nkhaniyi amathandiza kwambiri akanena kamodzi momveka kuti ganizo losafuna si tchimo. Akamanena mlungu uliwonse poyankha mwanayo, nawonso asanduka sopo.

Musamuuze mwana kuti "ingosiya kuganiza zimenezo." Ganizo ukamalikankha ndi pamene limabwerera kawirikawiri.

Ndi zolakwika ziti zimene zimachitika kawirikawiri, ndipo tingazizindikire bwanji?

Chachikulu ndi kukakamiza. Kugwira dzanja la mwana n'kuliika pa chinthu chomwe akuopa, kumubisira sopo mwadzidzidzi, kumumenya kapena kumuseka pamaso pa abale ake, zonsezi si ERP. Mwana ayenera kudziwa sitepe ya lero ndi kuivomera. Wokakamizidwa amaphunzira kubisa, basi.

China ndi zobwereza zobisika. Mukaona mwana akudutsa masitepe mosavuta koma moyo wake sukusintha, fufuzani modekha. Mwina amadziuza mumtima kuti "ndikasamba bwinobwino usiku," mwina amapukutira manja pa diresi, mwina wasiya kufunsa amayi n'kuyamba kufunsa agogo. Matendawa amasinthanso nkhope: kusamba kukatha, kuwerenga masitepe poyenda kumayamba. Njira yake ndi yomweyo, makwerero atsopano.

Palinso kusagwirizana kwa akuluakulu. Amayi akasiya kuyankha koma agogo akumayankha mwachifundo, kapena bambo akumakalipa, ntchito imabwerera m'mbuyo. Khalani pansi nonse, pamodzi ndi wantchito wa m'nyumba ngati alipo, mugwirizane mawu amodzi oyankhira. Agogo afotokozereni mwaulemu ndiponso mofatsa, chifukwa kwa iwo kusayankha mdzukulu wolira kumaoneka ngati nkhanza.

Chomaliza ndi kulekera panjira. Mwana akapezako bwino, mabanja ambiri amasiya masitepe apamwamba. Koma mantha aakulu aja akatsala osakhudzidwa, ndi pomwe matenda amaphukiranso. Mtsikana uja sanamalize mpaka atanyamula mng'ono wake ndi manja ogwira chenji.

Tikasiya kumuchitira zomwe amafuna amalusa, kulira ndi kuswa zinthu. Tipitirize?

Masiku oyamba zinthu zimayamba zaipa zisanakhale bwino. Mwana amene anazolowera kuyankhidwa amafunsa mokweza ndi mowirikiza akaona yankho silikubwera. Mukagonja pamene kulira kwafika pachimake, waphunzira kuti kulira kwambiri ndiko kumatsegula pakamwa panu, ndipo mawa adzayambira pomwepo. Choncho sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mukudziwa kuti mungachigwiritse, mumuuziretu, ndipo mukhale odekha. Nthawi ya mkuntho si yophunzitsa kapena kukangana. Nenani mawu anu achidule aja, khalani pafupi, chotsani zimene zingavulaze.

Ngati mwana akukaniratu chithandizo, makolo akhoza kuyamba okha. Ku yunivesite ya Yale ku America, Eli Lebowitz anakonza njira yogwira ntchito ndi makolo okha, yowaphunzitsa kuchepetsa kugonjera matendawa kwinaku akuonetsa mwana kuti akumumvetsa. Ana ambiri amayamba kusintha ngakhale sanalowe m'chipinda cha mlangizi.

Koma mwana akayamba kunena zofuna kufa, kudzivulaza, kukana kudya ndi kumwa, kapena kuvulaza ena, imitsani masitepe ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga mankhwala?

Pa matenda ochepa kapena apakatikati, ERP ndiyo yoyambira. Mankhwala amawonjezedwa ngati matenda ndi aakulu, ngati mwana alinso ndi matenda a kukhumudwa, kapena ngati mantha ndi ochuluka moti sangathe n'komwe kuyamba sitepe yoyamba. Odziwika kwa ana ndi fuluwokisetini ndi setiralini. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Sagwira msanga: pamafunika milungu 8 mpaka 12 kuti muweruze ngati akuthandiza, ndipo akagwira amamwedwa kwa miyezi yambiri, nthawi zambiri chaka, mwana atapeza kale bwino.

Milungu yoyamba mwana akhoza kumva nseru, mutu, kapena kusowa tulo. Ana owerengeka amasakhazikika kapena kuyamba maganizo ofuna kudzipha, makamaka poyamba ndi pamene mlingo wasinthidwa, choncho muyang'anitsitseni ndipo mukaona kusintha kotere bwererani kwa dokotala msanga. Musagule nokha mankhwalawa, ndipo musawasiye mwadzidzidzi.

Mwana wathu zinamuyamba mwadzidzidzi, m'masiku awiri okha. Ndi zomwezi?

OCD nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono, kwa miyezi. Ikagwa ngati mphezi, makamaka patapita milungu mwana atadwala zilonda zapakhosi, ndipo akugwedezeka manja kapena nkhope mosafuna, zolemba zake zasokonekera, wayambanso kukodza pogona, kapena akumva kuwawa m'mfundo za mafupa, akaonedwe ndi dokotala wa ana kaye. Tizilombo tina toyambitsa zilonda zapakhosi timasokoneza chitetezo cha m'thupi mpaka kukhudza ubongo ndi mtima, ndipo matenda a mtima oyamba motere ndi ofala mwa ana a kuno kwathu. Mwana wotere amafunika kupimidwa mtima ndi kulandira mankhwala ake. ERP imadzathandizabe pa zobwerezazo.

Thandizo tingalipeze kuti? Tingachite tokha kunyumba?

Yambirani kuchipatala cha boma lanu, mufunse namwino kapena kiliniko ofesala woona za matenda a maganizo. Ku Malawi thandizo lapadera limapezeka ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli chipatala cha Chainama ku Lusaka. Tengani kope lanu lija, chifukwa mwana akhoza kuchita manyazi kunena zonse pamaso pa mlendo.

Mukapeza mlangizi, mufunseni mosapita m'mbali ngati amagwiritsa ntchito ERP ndiponso ngati adzapanga makwerero ndi mwana. Uphungu wongokambirana, wofufuza tanthauzo la maganizowo kapena wotsimikizira mwana kuti zonse zili bwino, suchiza OCD, ndipo nthawi zina umangowonjezera malo ofunsira mafunso.

Alangizi odziwa njirayi ndi ochepa, ndipo mabanja ambiri ali kutali nawo. Wachipatala akatsimikiza kuti ndi OCD, zina mungayambe nokha bwinobwino: kupatsa matenda dzina, kulemba m'kope, lamulo la kusamba la banja lonse, kuchepetsa mayankho anu, ndi masitepe apansi monga chitseko ndi chenji. Za maganizo ovulaza ena, za kugonana kapena za chipembedzo, komanso mwana amene ali ndi kukhumudwa kwakukulu, zimafuna wodziwa ntchito.

Akachira, matendawa angabwerenso?

Angabwere, makamaka nthawi ya mayeso, maliro, matenda m'banja kapena posamukira kusukulu yogonera konko. Kubwerako sikufafaniza zomwe mwana anaphunzira. Musanamalize chithandizo lembani pamodzi zizindikiro zoyamba za mwana wanuyo, monga sopo kuyambanso kutha msanga kapena funso lija kumvekanso madzulo. Mukaziona musadikire kuti zikule. Tulutsani kope, pangani makwerero aafupi, muyeserere kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Ngati pakutha pa milungu iwiriyo zikunkabe patsogolo, bwererani kwa mlangizi kapena kuchipatala komwe munayambira.